Saa Tatu Si 3 Koloko: Kabuku ka Pakhomo Kothandiza Kumva Bwino Nthawi ya Pangano Yochokera m'Chinenero China

Mawu oyamba

Makolo athu pakupangana za ulendo, za mlandu kapena za dima, sankasowa wotchi, pakuti munthu ankangotukula mkono naloza kumwamba, nati, "Dzuwa likafika apa mundipeze pamtengo paja," ndipo mnzakeyo, poona pamene chala chaloza, ankamva zonse osatsalako kanthu, chifukwa onse awiri anali pansi pa thambo limodzi ndipo ankayankhula chinenero chimodzi. Lero ana athu ali ku Mbeya, ku Tete, ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo uthenga wa nthawi yokwerera basi, yoonana ndi dokotala kapena yolandirira katundu umafika pakhomo utadzera m'zinenero ziwiri kapena zitatu, mwinanso m'kamwa mwa mwana wa sukulu amene wapemphedwa kuti atanthauzire agogo ake. Kabuku kano kakunena chinthu chimodzi, ndicho chakuti nthawi siitanthauziridwa liwu ndi liwu monga timachitira ndi dzina la mbuzi kapena la khasu, koma imasinthidwa monga momwe timasinthira ndalama pachipata, ndipo amene watenga nambala ya eni ake naibweretsa kwathu osaisintha wabwera ndi ndalama yosagula kanthu.

Zimene zidaonekera mlamu wanga

Mlamu wanga wina wa ku Kasungu, mayi wochita malonda a zitenje ndi mapoto, atayamba kupikula katundu ku Tanzania, adapangana ndi mwini lole wina wa ku Kyela kuti amunyamulire mitolo yake kufikira pachipata cha Songwe. Mlamu wangayo adagona ku Karonga, ndipo madzulo ake pafoni padalowa uthenga wa Chiswahili wonena kuti, "Kesho saa tatu asubuhi." Posadziwa chinenerocho adapatsa foniyo mnyamata wina amene ankayenda naye, yemwe ankadziwako mawu owerengeka a pamsika; mnyamatayo adazindikira kuti kesho ndi mawa, saa ndi ola, tatu ndi zitatu, ndipo pofika pa liwu lotsiriza, limene adalidziwa kuti likunena m'mawa, adaganiza mumtima mwake kuti palibe lole yopakira katundu 3 koloko tambala asanalire, chipata chili chitsekere, motero liwulo adalitaya ngati cholakwa cha wolemba, nati, "Mayi, akuti mawa 3 koloko." Mlamu wanga adamva kuti ndi 3 koloko masana, nagona tulo tabwino.

Kutacha adasamba mosafulumira, adadya, nakwera minibasi, ndipo adafika pamalo a pangano wotchi yake ikuti 3 koloko ndendende, akudzitama kuti wasunga nthawi. Adapeza fumbi lokhalokha. Mlonda wa pamenepo adamuuza kuti lole idadikira kufikira dzuwa litakwera, idapakira a ena, nichoka kalekale.

Tiyeni tiwerenge pamene zinthu zidakhotera, pakuti zidakhota kawiri. Poyamba, saa tatu asubuhi kwa Mswahili ndi nthawi imene ife timati 9 koloko m'mawa, osati 3 koloko. Apa padatayika maola 6. Kachiwiri, mawotchi a ku Tanzania ali patsogolo pa athu ndi ola limodzi, kotero kuti 9 koloko ya ku Kyela ndi 8 koloko pawotchi ya ku Karonga. Apa padatayika ola lina. Mayi uja adafika pamene wotchi ya eni dziko inkati 4 koloko madzulo, imene iwo amati saa kumi jioni, ndiye kuti adachedwa ndi maola 7 athunthu, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene adanama: mwini lole adalemba zoona, ndipo mnyamata adatanthauzira liwu lililonse molondola kupatula limene adalitaya. Mlamu wanga adalipira malo ogona usiku wina, nafunanso galimoto ina pamtengo wokwera, ndipo phindu la ulendowo lidathera pamenepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kawerengedwe ka Aswahili

Wina asayese kuti abale athuwa amawerenga mokhota, chifukwa kunena zoona kawerengedwe kawo nkogwirizana ndi maso kuposa kathu. Ife tidalandira kwa Azungu mwambo woyamba kuwerenga maola pakati pa usiku, anthu onse ali m'tulo, kotero kuti podzuka timapeza maola 5 kapena 6 atapita kale osawaona. Aswahili amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, cha m'ma 6 koloko yathu, ndipo likapita ola limodzi chitulukire dzuwa amati saa moja, ola loyamba, imene ndi 7 koloko m'mawa. Akafika pa maola 12 dzuwa likulowa, amayambanso kuwerenga maola a usiku, kotero kuti 7 koloko madzulo ndi saa moja inanso. Chimene chimachititsa kuti zimenezi zitheke n'chakuti maiko awo ali pafupi ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi, kumene usana ndi usiku zimakhala pafupifupi zofanana chaka chonse, ndipo dzuwa silisintha kwenikweni nthawi yake yotulukira. Ku Ethiopia nakonso amawerenga motero.

Owerenga Malembo Oyera sayenera kudabwa nazo, pakuti kawerengedwe kameneka adakumana nako kale pa Mateyu 20, m'fanizo la mwini munda wa mpesa amene adalemba antchito ena m'mamawa, ena pa ola lachitatu, ena lachisanu ndi chimodzi, ena lachisanu ndi chinayi, ndipo otsiriza pa ola la khumi ndi limodzi. Ola lachitatu limenelo ndi 9 koloko m'mawa, ndiye saa tatu yomwe ija idasokoneza mlamu wanga, ndipo la khumi ndi limodzi ndi 5 koloko madzulo, n'chifukwa chake otsirizawo adangogwira ntchito ola limodzi dzuwa nkulowa, anzawo nkuyamba kudandaula pa malipiro.

Njira yosinthira ndi yapafupi, ndipo ngakhale wosadziwa masamu angathe kuichita ngati pakhoma pali wotchi ya mivi. Pezani pawotchipo nambala imene Mswahili watchula, kenaka yang'anani nambala imene yapenyana nayo kutsidya, modutsa pakati pa wotchi, ndipo imeneyo ndiyo nthawi m'kawerengedwe kathu. Nambala 3 imapenyana ndi 9, 1 ndi 7, 2 ndi 8, 4 ndi 10, 5 ndi 11, ndipo 6 ndi 12. Manambala awo ambiri ndi abale ake a athu ndipo savuta kumva: moja, mbili, tatu, nne, tano ndiwo 1 kufikira 5, sita ndi 6, saba ndi 7, nane ndi 8, tisa ndi 9, kumi ndi 10, kumi na moja ndi 11, kumi na mbili ndi 12. Motero saa sita mchana ndi 12 koloko masana, saa nane mchana ndi 2 koloko masana, ndipo saa kumi na mbili asubuhi, nthawi imene mabasi ambiri a maulendo aatali amanyamukira, si 12 koloko ayi, koma 6 koloko m'mawa. Mphindi zokha sizisinthidwa. Nusu ndi theka la ola, robo ndi mphindi 15, ndipo kasorobo ndi kuti kwatsala mphindi 15; saa tatu na nusu ndi 9:30, pamene saa nne kasorobo ndi 9:45.

Mukatha kusintha kumeneku, ndipo ngati wotchi yanu ikadali pa nthawi ya kwathu, chotsaniponso ola limodzi. Musasakanize ntchito ziwirizi, chifukwa yoyamba ndi ya chinenero pamene yachiwiri ndi ya dziko: Mswahili wokhala ku Lilongwe akati saa tatu asubuhi akunena 9 koloko ya ku Lilongwe, palibe ola lochotsapo, koma Mtanzania wa ku Mbeya ngakhale alembe m'Chingerezi kuti 9:00, kwa inu muli ku Karonga imeneyo ndi 8 koloko. Chenjeraninso ndi foni pafupi ndi malire, pakuti mafoni ambiri amasintha okha nthawi akagwira netiweki ya dziko lina, ndipo munthu angathe kuchotsa ola pa nthawi imene foni yasintha kale, nafika msanga mopanda pake, kapena kuyesa kuti yasintha pamene sinasinthe. Powoloka funsani munthu wa pachipata kuti wotchi yake ikuti chiyani, muyerekeze ndi yanu.

Mmene mungadziwire kuti nambala ndi ya kawerengedwe kati

Chovuta china n'chakuti Aswahili polemba amagwiritsanso ntchito manambala omwe timalemba ifewa, kotero kuti pa chikalata choitanira ku ukwati kapena mu uthenga wa pafoni mungaone palembedwa saa 3:00 asubuhi, tanthauzo lake likadali 9 koloko. Chizindikiro choyamba ndi liwu loti saa patsogolo pa nambala, m'chiganizo cha Chiswahili, ndi liwu la chigawo cha tsiku pambuyo pake. Mukaona zimenezi dziwani kuti nambalayo ndi ya kawerengedwe ka dzuwa. Chizindikiro chachiwiri ndi chimene mnyamata uja adachiona koma osachimvetsa, ndicho kusagwirizana kwa nambala ndi chigawo cha tsiku. Palibe 8 koloko ya masana, ndipo palibe ofesi yotsegula 2 koloko m'mawa. Nambala ndi liwu zikakangana chotere, musataye liwulo, pakuti liwulo ndilo likunena zoona, nambala ndiyo ikufuna kusinthidwa.

Koma chizindikiro chachiwirichi chili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene ndikupempha owerenga adekhe, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali nthawi zina zimene zimamveka bwino m'makawerengedwe onse awiri, moti palibe chokuchenjezani. Saa tano asubuhi ndi 11 koloko, komatu 5 koloko m'mawa nayonso ndi nthawi yoti munthu wa paulendo angaikhulupirire, nakaima pasiteji mumdima kudikira galimoto imene idzabwera dzuwa lili pafupi kufika paliwombo. Saa tatu usiku ndi 9 koloko usiku, koma wosadziwa adzatchera wotchi yake kuti imudzutse 3 koloko, basi itapita maola 6 apitawo. Ndipo saa tisa usiku, imene ndiyo 3 koloko yeniyeni ya kusanache, adzaiyesa 9 koloko. M'malo otere palibe nzeru ina koma kufunsa, pakuti safunsa adadya phula.

Mawu awo a zigawo za tsiku ndi bwino kuwasunga pamtima, chifukwa ndi ochepa: alfajiri ndi mbandakucha, asubuhi ndi m'mawa, mchana ndi masana, alasiri ndi pamene dzuwa lapendeka, jioni ndi madzulo, ndipo usiku ndi usiku womwewu.

Theka la ola limene limayang'ana kuwiri

Amene ali ndi abale ku South Africa ndi ku Mangalande akumbukire msampha wina, waung'ono koma woluma. Ife tikati hafu seveni timanena 7:30, monga momwe Angerezi a ku Mangalande amanenera pofupikitsa mawu, theka la ola litapitirira pa 7 koloko. Koma m'Chiafrikaansi, chimene chimayankhulidwa kwambiri m'mafamu ndi m'matauni ambiri a ku Kapa, theka limayang'ana kutsogolo, ku ola limene likubwera, kotero kuti halfsewe ndi 6:30, ndipo 7:30 amati halfagt. Chijeremani ndi Chidatchi zimateronso. Mnyamata amene wauzidwa ndi kapitawo kuti galimoto ya antchito inyamuka halfsewe, iye nkumva hafu seveni ya kwathu, adzafika ola lathunthu galimoto itapita, ndipo adzaoneka waulesi pa tsiku lake loyamba pomwe iye adadzuka m'nthawi yake. Choopsa n'chakuti mawuwa amamveka ngati ofanana m'khutu, ndipo munthu saona chifukwa chofunsira. Mukamva theka la ola kuchokera kwa munthu wa chinenero china, mupempheni atchule ola ndi mphindi zake, kapena alembe manambala papepala.

Manambala opitirira 12, ndi 12 koloko mwini wake

Abale athu a ku Chipata ndi Zambia yense, ngakhalenso a ku Tete ndi Angonia amene adaphunzira m'Chipwitikizi, adazolowera kuwerenga maola kufikira 24, ndipo 3 koloko masana amaitchula kuti 15. Kawerengedwe kameneka ndimakakonda, chifukwa sikasiya mpata wokayika ngati ndi m'mawa kapena madzulo, ndipo ndi kamene kamalembedwa pa matikiti a ndege ndi pa mafoni ambiri. Kusintha kwake ndi kuchotsa 12 pa nambala iliyonse yopitirira 12. Cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri n'chakuti munthu wothamanga amangotaya 1 wa kutsogoloyo, nawerenga 16:00 ngati 6 koloko ndi 17:00 ngati 7 koloko, pamene zoona zake ndi 4 koloko ndi 5 koloko. Wachedwa ndi maola awiri, chipatala chatseka.

Pa makadi olembedwa m'Chingerezi mumapezeka timalemba a.m. ndi p.m., toyamba tikunena kuchokera pakati pa usiku kufikira masana, tachiwiri kuchokera masana kufikira pakati pa usiku. Pa 12 koloko penipeni ndi pamene ngakhale eni chinenero amasokonezeka. Mwambo wofala ndi wakuti 12 p.m. ndi masana ndipo 12 a.m. ndi pakati pa usiku, koma tikiti yonena 12:30 a.m. Lachisanu imatanthauza kuti muyenera kukhala pabwalo usiku wa Lachinayi, chifukwa pawotchi Lachisanu limayamba pakati pa usikuwo, pamene mumtima mwathu tsiku limayamba kukacha. Ambiri aphonya ulendo ndi tsiku lathunthu pa chifukwa chimenechi.

Mawu athu omwe ali ndi mbali yake

Tisaloze chala kwa eni okha, pakuti Chichewa chathu nachonso chimasokoneza alendo, ndiponso chimatisokoneza ife tikamatanthauzira. Zigawo zathu za tsiku zimatsata dzuwa ndi ntchito, osati mivi ya wotchi: mbandakucha atambala akulira, m'mamawa amayi akusesa pabwalo, m'mawa anthu ali kumunda, masana dzuwa lili paliwombo, madzulo litapendeka ndipo mbuzi zikubwerera kukhola, chisisira kukuyamba kuda, kenaka usiku. Madzulo athu ndi otambalala, oyambira cha m'ma 3 kapena 4 koloko kufikira mdima utagwa, motero amadya mbali ya chigawo chimene Mngerezi amachiwerengera ku masana ndi mbali ya chimene amachiwerengera ku kulowa kwa dzuwa. Ndipo tarde wa Apwitikizi, woyambira dzuwa litangopitirira paliwombo kufikira kulowa kwake, amatenga masana athu ndi madzulo athu pamodzi. Wotanthauzira akangoti "akuti mubwere madzulo," pamene dokotala amanena 2 koloko, agogo adzayamba adya nsima, napumula, nafika 5 koloko, ndipo m'Chichewa sadalakwe konse.

Palinso mawu apachibale amene pafoni yosamveka bwino kapena m'kalata yolembedwa mothamanga amasinthana: mawa ndi m'mawa, dzulo ndi madzulo. "Mubwere m'mawa" ndi "mubwere mawa" zimasiyana ndi kamvekedwe kakang'ono, ndipo mlendo wophunzira chinenero chathu sakamva. Mayina a masiku nawonso amanyenga chifukwa cha manambala ali m'kati mwake, popeza mtundu uliwonse umayambira pake: ife timayamba kuwerenga Lolemba, kotero Lachitatu ndi tsiku la pakati pa sabata, koma Jumatatu ya Aswahili, ngakhale muli tatu, ndi Lolemba, Jumatano ndi Lachitatu osati Lachisanu, ndipo terça-feira ya Apwitikizi, imene dzina lake likunena chachitatu, ndi Lachiwiri lathu.

Chochita uthenga ukafika pakhomo

Uthenga wa pangano ukafika m'chinenero china, musaufufute ndipo musadalire pakamwa pokha. Koperani mawu ake onse monga alili pa tsamba la kope kapena kuseri kwa kalendala, osasiyako liwu ngakhale looneka ngati lopanda pake. Wotanthauzira, kaya ndi mwana wanu kaya ndi mnansi, mufunseni mwaulemu mafunso atatu: nambalayi mwaisintha kale kapena mwangoitchula monga ilili, dzuwa lidzakhala lili pati pa nthawi imeneyo, ndipo ndi wotchi ya dziko liti. Funso lachiwirilo ndilo la makolo athu lija, ndipo ndilo limagwira zolakwa zambiri, chifukwa dzuwa silitanthauziridwa. Pansi pa mawu a eni akewo lembani nthawi ya kwathu mokwanira, tsiku ndi deti lake m'manambala, ola, ndi chigawo cha tsiku, mwachitsanzo: Lachiwiri pa 14, 8 koloko m'mawa nthawi ya ku Malawi, 9:00 nthawi ya ku Tanzania.

Mukatero bwezani uthenga kwa amene adautumiza, koma osabwereza mawu ake omwewo, pakuti iye adzangovomera mawu ake inu mukadali m'cholakwa chanu. Nenani nthawiyo m'njira ina. Mlamu wanga masiku ano akalandira saa tatu asubuhi amayankha ndi manambala a maola 24, kuti 09:00, naonjezapo dzina la dziko, ndipo ngati mwini lole ankanena zina, pamenepo ndi pamene amaimba foni kukonza.

Za kusiyana kwa mawotchi a maiko, sungani izi pafupi ndi foni: Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi chaka chonse, ndipo Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi. Ku Mangalande ndiye amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka, kotero kuti kuyambira Lamulungu lotsiriza la Malichi kufikira Lamulungu lotsiriza la Okutobala ali pambuyo pathu ndi ola limodzi, ndipo miyezi yotsalayo ali pambuyo ndi maola awiri. Mwana wanu wa kumeneko akati adzaimba foni 6 koloko madzulo nthawi yawo, mu Julaye muidikire 7 koloko, koma mu Disembala foniyo idzalira 8 koloko usiku, ndipo musayambe kuda nkhawa kapena kuzimitsa foni ola loyambalo likadutsa kuli zii.